Nambala ya NPS yatsika: musanaitanitse msonkhano, yambani mwaiwerenga chonchi

Lipoti la kafukufuku wa makasitomala likabwera, maso a aliyense amathamangira pa nambala imodzi. Ulendo wathawu NPS inali 30, ulendo uno yafika pa 18, ndipo bwana wafunsa kale kuti chalakwika n'chiyani. Funsolo silolakwika, koma labwera msanga. Nambalayi imatha kutsika makasitomala asanasinthe maganizo ngakhale pang'ono, chifukwa imasuntha ndi kuchuluka kwa anthu amene ayankha, mtundu wa anthuwo, ndiponso mmene anafunsidwira. Ntchito ya wowerenga ndi kuchotsa zifukwa zimenezi chimodzi ndi chimodzi, mpaka zitatsala zimene makasitomala akunenadi.

Njira ya Net Promoter Score, mwachidule NPS, anaifalitsa Fred Reichheld wa ku Bain & Company m'chaka cha 2003. Kasitomala amafunsidwa funso limodzi: kodi n'zotheka bwanji kuti mungauze mnzanu kapena wogwira naye ntchito kuti agwiritse ntchito kampani yathu? Iye amasankha nambala kuyambira pa 0 mpaka pa 10. Amene asankha 9 kapena 10 ndi oyamikira, amene asankha 7 kapena 8 ndi apakati, ndipo onse amene asankha 0 mpaka 6 ndi odandaula. M'mapulogalamu a kafukufuku magulu atatuwa amalembedwa kuti Promoters, Passives ndi Detractors. Pa peresenti ya oyamikira mumachotsapo peresenti ya odandaula, ndipo yotsalayo ndiye NPS. Imatha kukhala paliponse kuyambira pa −100 mpaka pa +100, ndipo siilembedwa ndi chizindikiro cha peresenti.

Kuti tiyende limodzi, tiyerekeze kampani yomwe imaika makina oziziritsa m'nyumba ndi m'maofesi, komanso kukonza akawonongeka. Manambala onse a kampaniyi ndi ongoyerekezera. Miyezi itatu iliyonse imatumiza funsoli kwa makasitomala 1,000 amene yawagwirira ntchito. Ulendo woyamba anayankha 200: oyamikira 100, apakati 60, odandaula 40. Ulendo wachiwiri anayankha 150: oyamikira 66, apakati 45, odandaula 39.

Choyamba, werengani nokha kuchokera pa mayankho enieni

Musayambire pa tchati chokongola cha mu lipoti. Pemphani fayilo yomwe muli mzere umodzi pa kasitomala aliyense, yokhala ndi nambala imene anasankha, tsiku, mtundu wa ntchito, ndi zimene analemba. Ngati mayankho ali mu Excel, kuyambira pa B2 mpaka pa B201, fomula yake ndi iyi:

```
=(COUNTIF(B2:B201,">=9")-COUNTIF(B2:B201,"<=6"))/COUNT(B2:B201)*100
```

Ulendo woyamba oyamikira ndi 50 peresenti, odandaula 20 peresenti, ndiye NPS ndi 30. Ulendo wachiwiri oyamikira ndi 44 peresenti, odandaula 26 peresenti, ndiye NPS ndi 18. Apa lipoti silinaname.

Fayiloyo ili m'manja, yang'anani zinthu zitatu zomwe zimawononga nambala mwakachetechete. Nthawi zina munthu akadumpha funso, fayilo imatuluka ndi 0 pamalo pomwe panayenera kukhala popanda kanthu, ndipo munthu amene sanayankheyo amasanduka wodandaula wolusa kwambiri. Mukaona ma 0 ambiri opanda ndemanga iliyonse, kaikirani zimenezi. Chachiwiri, kasitomala mmodzi akhoza kuonekera kangapo ngati wakonzetsa makina kangapo. Chachitatu, onetsetsani kuti maulendo onse awiri anagwiritsa ntchito 0 mpaka 10. Wina akasintha n'kuyambira pa 1, kapena kusintha mawu a funso, manambala awiriwo sangayerekezedwenso.

Chachiwiri, funsani kuti nambalayi ingagwedezeke mpaka pati yokha

Apa ndi pomwe anthu ambiri amadumpha, ndipo ndi pomwe ndikhalitse. Anthu 200 si makasitomala anu onse. Mukanafunsa anthu ena 200 tsiku lomwelo, simukanapezanso 30 ndendende. Mwina mukanapeza 24, mwina 37, kampani ili yomweyo, amisiri ali omwewo. Kugwedezeka kumeneku pa NPS n'kokulirapo kuposa pa peresenti wamba, chifukwa NPS ndi kusiyana kwa maperesenti awiri, ndipo iliyonse ili ndi kugwedezeka kwake.

Kukula kwa kugwedezekako kumawerengeka. Lembani gawo la oyamikira ngati p ndi gawo la odandaula ngati d, onse m'madesimo, ndipo chiwerengero cha oyankha chikhale n:

```
=1.96*SQRT((p+d-(p-d)^2)/n)*100
```

Ulendo woyamba p ndi 0.50, d ndi 0.20, n ndi 200. Kuphatikiza p ndi d kukupereka 0.70. Kuchotsapo 0.09, yomwe ndi 0.30 kuchulukitsa ndi 0.30, kukutsala 0.61. Mukagawa ndi 200 n'kumaliza fomulayo, mupeza pafupifupi 11. Choncho 30 uja tiziwerenga kuti ali penapake pakati pa 19 ndi 41. Nambala ya 1.96 ndi imene imaika malire a chitsimikizo cha 95 peresenti, omwe ndi ofala pa kafukufuku. Ulendo wachiwiri, chifukwa oyankha anali 150 okha, kugwedezeka ndi pafupifupi 13, ndipo 18 uja ali pakati pa 5 ndi 31.

Koma funso la bwana si la ulendo umodzi, ndi la kusiyana kwa maulendo awiri. Kusiyanako kulinso ndi malire ake. Chulukitsani 11 ndi 11, chulukitsani 13 ndi 13, phatikizani, kenako pezani SQRT ya zotsatirazo. Mupeza 17. Kutsika komwe tikuona ndi mapointi 12, pomwe mwayi wokha ukhoza kubweretsa kusiyana kofika pa 17. Izi sizikutanthauza kuti palibe chasintha. Zikutanthauza kuti mayankho 350 amenewa sakukwana kutitsimikizira kuti chasintha. Pali kusiyana pakati pa mawu awiriwa, ndipo polemba lipoti muwasiyanitse.

Dziwaninso kuti malirewa amachepa mochedwa. Kuti achepe ndi theka, oyankha ayenera kuchuluka kanayi. Kampani yathu ikafuna kuti 11 akhale 5 kapena 6, ikufunika mayankho 800, osati 400. Kampani yaing'ono singawapeze pa miyezi itatu. Njira imene ili nayo ndi kuphatikiza mayankho a miyezi 12 yapitayi, n'kumasuntha mwezi umodzi ulendo uliwonse. Nambala yotere imachedwa kusonyeza kusintha, koma ikasuntha mumaikhulupirira. Komanso ngati nambala yatsika maulendo atatu kapena anayi motsatizana, ngakhale pang'onopang'ono, zimenezo n'zolemera kuposa kugwa kumodzi kwakukulu.

Vutoli limafika poipa anthu akayamba kupanga NPS ya mmisiri aliyense. Mmisiri amene wapeza mayankho 12 pa miyezi itatu, kasitomala mmodzi yekha akasankha 6 m'malo mwa 9, NPS yake imatsika ndi mapointi pafupifupi 17. Kuika amisiri pa ndandanda, uyu woyamba uyu womaliza, potengera manambala otere, ndi kuweruza anthu mwa mwayi. Ndikuona kuti n'kulakwira munthu, ndipo musalole kuti tchati chotero chipite kwa mamanijala. Ndemanga za makasitomala ake muwerengereni, zimuthandiza. Nambala yokhayo musamupatse.

Chachitatu, onani amene ayankha ndi amene angokhala chete

Pa anthu 1,000, ulendo woyamba anayankha 20 peresenti, ulendo wachiwiri 15 peresenti. Fomula ya kugwedezeka ija imatenga ngati kuti oyankhawo anatengedwa mwachisawawa pa makasitomala onse, koma sizinali choncho. Anadzisankha okha. Anthu 800 kapena 850 amene sanayankhe sitikudziwa maganizo awo, ndipo palibe masamu amene angatiuze. Kasitomala amene wasankha kale kusamukira ku kampani ina akhoza kuona kuti kuyankha n'kutaya nthawi, ndiye kuti wakhumudwa kwambiri koma mu lipoti mulibemo.

Chimene mungachite ndi kufanizira oyankha ndi onse amene munawatumizira, pa zinthu zomwe muli nazo kale m'mabuku a kampani: mtundu wa ntchito, zaka zimene akhala nanu, kukula kwa kontirakiti, ndi kaya anadandaulapo kale. Ngati amene anadandaulapo ali gawo lalikulu pa makasitomala onse koma ndi ochepa pa oyankha, nambala yanu ikukunyengererani. Ngati n'kotheka, sankhani mwachisawawa anthu makumi angapo mwa amene sanayankhe, muwaimbire foni, mumve ngati nkhani zawo zikufanana ndi za oyankha. Zimenezi musaziphatikize mu NPS, chifukwa njira yofunsira ndi ina, koma zikupatsani chithunzi.

Kampani imene imagwirira ntchito makampani anzake ili ndi msampha wina. Imelo ya kafukufuku imapita kwa munthu amene dzina lake lili mu kompyuta, mwina wa pa risepushoni amene amatsegulira mmisiri chitseko. Wosaina kontirakiti ndi wina, ndipo mwina sanafunsidwepo n'kamodzi komwe. NPS imawerenga munthu aliyense mofanana, kasitomala wa makina amodzi ndi kasitomala wa makina 200. Odandaula atatu mwa makasitomala akuluakulu akhoza kubisala m'kati mwa nambala yooneka bwino. Choncho makasitomala akuluakulu muwayang'ane paokha, dzina ndi dzina.

Chachinayi, gawani mayankho potengera mtundu wa ntchito

Tsopano tibwerere ku 30 ndi 18. Kampani yathu ili ndi ntchito ziwiri zosiyana kwambiri. Wodzaikitsa makina atsopano amakhala wosangalala, wagula chinthu chimene amachifuna. Wodzakonzetsa amayamba kale ali wokhumudwa, chifukwa makina ake afa. Tigawe mayankho.

Ulendo woyamba, oikitsa atsopano anayankha 120: oyamikira 72, apakati 36, odandaula 12. NPS yawo ndi 50. Okonzetsa anayankha 80: oyamikira 28, apakati 24, odandaula 28. NPS yawo ndi 0.

Ulendo wachiwiri, oikitsa atsopano anayankha 50 okha: oyamikira 30, apakati 15, odandaula 5. NPS yawo ndi 50, osasintha. Okonzetsa anayankha 100: oyamikira 36, apakati 30, odandaula 34. NPS yawo ndi 2.

Palibe gulu limene latsika. Limodzi laima pomwepo, lina lasuntha ndi mapointi awiri, komwe sikusuntha kwenikweni. Komabe nambala ya onse pamodzi yagwa ndi 12. Chifukwa chake n'chakuti ulendo woyamba oikitsa atsopano anali 60 peresenti ya oyankha, ndipo ulendo wachiwiri anali gawo limodzi mwa magawo atatu okha. Tikayang'ana m'mabuku tikupeza kuti ulendo woyamba funso linapita kwa oikitsa 500 ndi okonzetsa 500, pomwe ulendo wachiwiri, umene unagwera m'nyengo yotentha makina akuwonongeka kwambiri, linapita kwa oikitsa 250 ndi okonzetsa 750.

Kuti mufanizire mwachilungamo, werengani ulendo wachiwiri ndi kasakanikidwe ka ulendo woyamba. Chulukitsani 50 ndi 0.6, mupeza 30. Chulukitsani 2 ndi 0.4, mupeza 0.8. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 31. Ndiye kuti ntchito zikanagawanika mofanana ndi poyamba, NPS ikanakhala 31, pomwe kale inali 30.

Pano pakufunika kusamala, chifukwa n'kosavuta kuthamangira kwa bwana n'kunena kuti palibe vuto. Sizili choncho. N'zoona kuti ntchito siinaipireipire. Koma n'zoonanso kuti ulendo uno makasitomala ambiri adutsa pa ntchito yokonza, yomwe siikondweretsa anthu, ndipo makasitomalawo ndi anthu enieni amene akukamba za kampaniyi kunja. Chimene kugawaku kwaulula ndi chakuti nkhani yaikulu si 30 ndi 18, koma 50 ndi 0. Kusiyana kumeneku kunalipo kale ulendo woyamba, kungoti kunabisika m'nambala imodzi.

Kusiyanaku nakonso kuyeseni ndi muyeso womwe uja. Mukaphatikiza maulendo onse awiri, oikitsa ndi 170 ndipo NPS yawo ndi 50, okonzetsa ndi 180 ndipo NPS yawo ndi 1. Malire a kusiyana kwawo ndi pafupifupi 16, pomwe kusiyana kwenikweni ndi 49. Uku si kugwedezeka. Apa mungalankhule molimba mtima.

Chenjezo limodzi pa kugawa. Gawani pa zinthu zochepa zimene munaganiziratu, zomwe zili ndi tanthauzo pa ntchito. Mukagawa mayankho 150 potengera dera, mmisiri, tsiku la sabata, mtundu wa makina ndi msinkhu wa kasitomala, pena pake mudzapeza kagulu kooneka koipa kwambiri, ndipo kadzakhala kamwayi chabe. Kagulu kamene kali ndi mayankho osakwana 30 ndimakaona ngati poyambira kufunsa, osati pomalizira.

Chachisanu, yang'anani m'kati mwa magulu atatu aja

NPS imataya zambiri pounjika manambala 11 m'magulu atatu. Kampani yomwe ili ndi oyamikira 30 peresenti, apakati 70 peresenti, popanda wodandaula, ili ndi NPS ya 30. Kampani ina yomwe ili ndi oyamikira 65 peresenti ndi odandaula 35 peresenti ilinso ndi 30. Yoyambayo ikugwira ntchito mosakhumudwitsa koma mosasangalatsa. Yachiwiriyo ikulephera kwa kasitomala mmodzi mwa atatu alionse. Mankhwala ake sangafanane.

Choncho werengani kuti ndi angati anasankha nambala iliyonse, kuyambira 0 mpaka 10. Wosankha 6 ndi wosankha 0 onse amatchedwa odandaula, koma wa 6 mwina wangodikira tsiku limodzi loonjezera, pomwe wa 0 akufunafuna kampani ina. Mukakonza zinthu n'kuchititsa kuti anthu amene ankasankha 2 azisankha 6, mwagwira ntchito yaikulu, koma NPS siisuntha ngakhale pointi imodzi. Kumbali ina, anthu ochepa akasuntha kuchoka pa 8 kupita pa 9, nambala imadumpha. Tiyerekeze kuti mwa odandaula 34 a ntchito yokonza aja, 20 anasankha 5 kapena 6, ndipo 14 anasankha 4 kapena kutsikira pansi. Anthu 14 amenewa aimbiridwe foni sabata yomweyo, ndi munthu amene ali ndi mphamvu yokonza vuto, osati wongopepesa.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani nambala ya kukhutira pambali pake

Makampani ambiri amafunsanso funso la kukhutira, lomwe m'malipoti limalembedwa kuti CSAT. Kawirikawiri kasitomala amasankha pakati pa 1 ndi 5, ndipo amene asankha 4 kapena 5 ndiwo amawerengedwa kuti akhutira. Nambala imeneyi ndi peresenti yeniyeni, kuyambira 0 mpaka 100. Musaifanizire ndi NPS ngati kuti zili pa muyeso umodzi. CSAT ya 80 peresenti ndi NPS ya 30 sizikutsutsana. Onaninso ngati lipoti likupereka peresenti ya okhutira kapena avereji, monga 4.2, chifukwa ena amasinthasintha osanena.

Pa kampani yathu, tiyerekeze kuti okonzetsa amalandira meseji mmisiri akangochoka, yofunsa ngati akhutira ndi ntchito yake, ndipo 88 peresenti amati akhutira. Anthu a gulu lomweli ndi amene NPS yawo ndi 2. Manijala wa amisiri anena kuti kafukufuku wa NPS ndi wolakwika. Wa ku ofesi anena kuti mesejiyo ndi yonama. Onse awiri alakwitsa, chifukwa mafunso awiriwa sakufunsa chinthu chimodzi. Meseji ikufunsa za ola limodzi limene mmisiri anali pakhomo, makina atangoyambanso kugwira ntchito. Funso la NPS likufunsa za kampani yonse: kuimba foni, kudikira, mmisiri, bilu, ndi kaya makinawo anakhalitsa. Manambala awiriwa akatalikirana chotere, akukulozerani malo. Vuto silili pa zimene mmisiri amachita akafika, lili asanafike kapena atachoka.

Chachisanu ndi chiwiri, werengani ndemanga, kenako muzitsimikizire m'mabuku

Funso la NPS limatsatiridwa ndi lina lofunsa chifukwa chimene munthu wasankhira nambalayo. Mayankho 150 si ambiri, werengani onse ndi maso anu. Poyamba ingowerengani osalemba kanthu. Powerenga kachiwiri ikani ndemanga iliyonse pansi pa mutu, monga kudikira, bilu, vuto kubwereranso, ndi khalidwe la wogwira ntchito. Ngati pali mnzanu, naye agawe yekha osaona zanu, kenako mufanizire. Pamene mwasiyana ndi pamene mutuwo sunamveke bwino.

Tiyerekeze kuti mwa odandaula 34 aja, 25 analemba kanthu. Mwa iwo, 15 anatchula kudikira kapena kusauzidwa tsiku limene mmisiri adzafike, 6 anatchula bilu yosiyana ndi imene anauzidwa, ndipo 4 anati vuto linabwereranso. Polemba lipoti lembani manambala enieniwa, kuti 15 mwa 25. Mukalemba kuti 60 peresenti ya odandaula akudandaula za kudikira, wowerenga aganiza za anthu mazana. Werenganinso ndemanga za apakati ndi za oyamikira. Ngati nawonso akuti mmisiri anali wabwino koma anachedwa, ndiye kuti kudikira kukukhudza aliyense, kungoti ena akupirira.

Ndemanga ndi zimene anthu akukumbukira, ndiye zitsimikizireni ndi zimene zinalembedwa. Pa ntchito iliyonse yokonza, mabuku a kampani ali ndi tsiku limene kasitomala anaimba foni ndi tsiku limene mmisiri anafika. Lumikizani masiku amenewa ndi yankho la munthu aliyense, kenako fanizirani amene anadikira masiku awiri kapena kuchepera apo ndi amene anadikira kupitirira. Ngati odandaula aunjikana kwa odikira nthawi yaitali, ndemanga ndi mabuku zagwirizana. Ngakhale pamenepo musafulumire kunena kuti kudikira ndiko kwachititsa zonse. Ntchito zochedwa zikhoza kukhalanso zomwe zinafuna sipeya yoitanitsa, zomwenso bilu yake ndi yaikulu. Njira yodalirika ndi kusintha chinthu chimodzi, monga kutumizira aliyense meseji ya tsiku ndi ola lofikira, pa gulu limodzi la makasitomala, n'kusiya gulu lina momwe liliri, kenako n'kufanizira magulu awiriwo.

Zimene zimakweza nambala ntchito isanasinthe

Tayang'ana kutsika kosatanthauza kuipa. Kukwera nakonso kumanyenga, ndipo palibe amene amakufufuza chifukwa aliyense amakhala wasangalala. Anthu akafunsidwa pa foni kapena pamaso, amakonda kupereka manambala apamwamba kuposa akamayankha okha pa imelo, chifukwa n'kovuta kunyoza munthu amene akukumvetsera. Kufunsa ntchito itangotha kumapereka zosiyana ndi kufunsa bilu itafika. Kupaka 9 ndi 10 utoto wobiriwira ndi 0 mpaka 6 wofiira pa fomu kumauza kasitomala yankho limene mukufuna. Chimodzi mwa izi chikasintha, lembani tsiku lake pa tchati, ndipo mzere wa kumbuyo ndi wa kutsogolo muuone ngati mizere iwiri.

Choopsa kwambiri ndi kumangirira bonasi pa NPS. Wogwira ntchito amayamba kupempha kuti mundipatse 10, apo ayi ndikakhala pa mavuto. Imelo ya kasitomala wokwiya imalembedwa molakwika mwadala, kapena ntchito yake siitsekedwa mu kompyuta mpaka kafukufuku atadutsa. Zizindikiro zake zimaoneka. Ma 10 amachuluka mwadzidzidzi pomwe ma 9 ndi ma 8 akusowa, ndemanga zimafupika, chiwerengero cha otumiziridwa funso chimachepa poyerekeza ndi ntchito zimene zagwiridwa, ndipo madandaulo a pa foni ndi chiwerengero cha osiya kontirakiti sizisintha. Ndandanda ya otumiziridwa izituluka yokha mu kompyuta, osati m'manja mwa anthu amene akuyesedwa.

Za kufanizira ndi makampani ena ndinena mwachidule. Nambala imene kampani ina yadzilengezera simudziwa kuti inafunsa ndani, liti, ndiponso motani. Ntchito zosiyana zimakhala ndi milingo yosiyana, ndipo anthu a m'mayiko osiyana sagwiritsa ntchito manambala mofanana: kwina 8 ndi kuyamikira kwakukulu, kwina 10 amaperekedwa mosavuta. Kufanizira koona ndi kwa kafukufuku mmodzi amene wafunsa makasitomala a makampani onse mwa njira imodzi. Kupanda apo, dzifanizireni ndi mmene inu munalili kale.

Kumbukiraninso kuti funsoli likufunsa zimene munthu akuti angachite, osati zimene wachita. Pamene njirayi inkafalitsidwa, ankati imalosera kukula kwa kampani kuposa miyeso ina. Mu 2007 Timothy Keiningham ndi anzake anafalitsa kafukufuku mu Journal of Marketing amene sanapeze kuti NPS imaposa miyeso ya kukhutira pa kulosera kumeneku. Musadalire mkanganowo, yesani pa kampani yanu. Tengani amene anayankha chaka chatha, muone kuti mwa oyamikira ndi angati adakali nanu, ndipo mwa odandaula ndi angati. Ngati kusiyana kuli kwakukulu, nambalayi ikukuuzani zenizeni za makasitomala anu. Ngati kuli kochepa, mwina chifukwa makasitomala ndi omangidwa ndi kontirakiti kapena alibe kwina kopita, muipatse ulemu wochepa pa zosankha za ndalama.

Zolembera bwana

Yankho la funso loyamba lija likwane m'ndime imodzi, ndipo nambala iliyonse ikhale ndi chiwerengero cha oyankha pambali pake. Pa kampani yathu lingamveke chonchi: "NPS ya onse yachoka pa 30, oyankha 200, kufika pa 18, oyankha 150. Kusiyana kwa 12 kuli m'kati mwa malire a 17, ndipo kwabwera chifukwa ulendo uno ntchito zambiri zinali zokonza. Oikitsa atsopano adakali pa 50, okonzetsa ali pa 2 kuchoka pa 0. Kusiyana kwa magulu awiriwa n'kwenikweni. Okonzetsa 88 peresenti akukhutira ndi mmisiri, koma odandaula 15 mwa 25 amene analemba ndemanga atchula kudikira ndi kusauzidwa tsiku. Oyankha ndi 15 peresenti ya otumiziridwa, ndiye sitikuyankhulira amene sanayankhe. Tikupempha kuyesa meseji ya tsiku ndi ola lofikira pa theka la ntchito zokonza kwa miyezi itatu, ndiponso kuti kuyambira tsopano lipoti lizionetsa magulu awiriwa paokha."